Makushoni anayi olemera makilogalamu 3 amene anandiwerengera 20

Ndimasoka zinthu za chitenje kuno ku Area 25, ku Lilongwe: zikwama za m'manja, maepuloni, nsalu za patebulo ndi makushoni. Kwa zaka zingapo makasitomala anga anali a mumzinda muno, ndipo katundu ankapita pa kabaza kapena ndinkakapereka ndekha. Zinasintha tsiku lomwe mayi wina wa ku Malawi konkuno, amene amagwira ntchito ku Leeds, ku England, anaona zithunzi za makushoni anga n'kuitanitsa anayi, a masentimita 45 mbali zonse.

Ndinachita zomwe ndinkaona kuti n'zolondola. Ndinaika makushoniwo pa sikelo, ndinawonjezerapo kulemera kwa katoni, zonse pamodzi zinakwana makilogalamu 3. Ndinaimbira foni kampani ina yotumiza katundu kunja pa ndege, ndinafunsa mtengo wa makilogalamu 3 kupita ku England, anandiuza. Mtengo umenewo ndinauphatikiza ndi wa makushoni, mayi aja analipira zonse tsiku lomwelo. Katoni ndinakapempha pa golosale ina pafupi ndi kwathu, yaikulu bwino kuti makushoni asapanikizike.

Nditafika pa kauntala, mnyamata wolandira katundu anaika katoni pa sikelo, inaonetsa 3 yomwe ija. Kenako anatulutsa tepi yoyezera. Anayeza m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, nalemba 50, 50 ndi 40. Anadina manambala pa kompyuta n'kunena kuti, "Mayi, phukusi lanuli tiliwerengera makilogalamu 20."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinamuloza sikelo. Iye anandifotokozera mofatsa kuti m'ndege chimene chimatha msanga si mphamvu yonyamula ayi, koma malo. Katoni ya thonje ndi katoni ya misomali zikakhala zofanana kukula zimadya malo ofanana. Choncho phukusi lililonse limakhala ndi kulemera kuwiri: kwa pa sikelo, ndi kowerengera kuchokera ku kukula kwake. Amatenga nambala yomwe yakula pa ziwirizo. Anandilembera kuseri kwa kapepala:

```
(m'litali x m'lifupi x msinkhu) / 5000
(50 x 50 x 40) / 5000 = 20
```

Miyeso imakhala ya masentimita, yankho limatuluka m'makilogalamu. Ndalama yomwe mayi aja ananditumizira ya mtengo wotumizira sinkafika n'komwe pa theka la zomwe zinkafunika. Ndinanyamula katoni yanga kubwerera nayo pa minibasi, ndipo njira yonse ndinkaganiza momwe ndikawauzire munthu amene walipira kale kuti ndinawauza mtengo wolakwika.

Vuto langa silinali sikelo. Sikelo inanena zoona. Vuto linali loti ndinatchula mtengo katoni ndisanaitseke, ndisanaiyeze. Ndinayeza katundu amene ndimagulitsa, pamene iwo amayeza phukusi lomwe lamangidwa kale. Zinthu ziwirizi zimasiyana kwambiri kwa ife osoka, oluka madengu ndi opanga zipewa, chifukwa katundu wathu ndi wopepuka koma wofufuma.

Usiku umenewo ndinawalembera mayi aja chilungamo chake, ndipo ndinawafunsa ngati ku Leeds zam'kati mwa makushoni zimapezeka. Anayankha kuti zimagulitsidwa m'masitolo ambiri, za muyeso womwewo wa 45. Ndiye kuti ine ndinkafuna kulipirira ndege kuti inyamule mpweya ndi fayiba kupita nazo kumene zili kale. Ndinaphwasula msoko wa m'munsi wa khushoni iliyonse, ndinachotsa zam'kati, ndinaika zipi, ndipo zinatsala zikuto zinayi zokha. Pa ndalama yomwe inapulumuka tinagwirizana kuti ndiwonjezere zikwama ziwiri za m'manja. Zonse nditazipinda bwino zinalowa m'kakatoni ka masentimita 35, 25 ndi 8. Mukachulukitsa mupeza 7,000, mukagawa ndi 5,000 mupeza 1.4. Pa sikelo linali kilogalamu 1.2. Yaikulu ndi 1.4, ndipo popeza kumene ndimatumizirako amakweza kufika pa theka la kilogalamu lotsatira, ndinalipira makilogalamu 1.5. Kuchoka pa 20.

Nambala ya 5,000 ndi imene makampani akuluakulu otumiza mwachangu pa ndege amagwiritsa ntchito, koma si onse. Ena, makamaka onyamula katundu wambiri pa ndege, amagawa ndi 6,000. Ndiye ndikamafunsa mtengo kwa kampani yomwe sindinaigwiritsepo ntchito, mafunso anga amakhala awiri: mumagawa ndi zingati, ndipo mumakweza kufika pati? Wolandira foni akangomva mafunso amenewa amadziwa kuti akuyankhula ndi munthu amene wayeza kale phukusi lake, ndipo mtengo umene amakuuzani umakhala womwe mukaupeze pa kauntala.

Pa nkhani ya kuyezayi ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa sentimita imodzi ili ndi mtengo. Tepi yathu ya utelala ndi yofewa, imatsatira mapindikidwe a chinthu, ndipo ikakalamba imatamuka. Ndinagula tepi yachitsulo ya akalipentala ku hadiweya, ndipo ndiyo ndimayezera makatoni. Muyeso ndi wakunja kwa katoni, osati womwe unalembedwa pa katoniyo, chifukwa wolembedwawo nthawi zambiri umakhala wam'kati. Ndimayeza nditatseka kale ndi selotepi, ndipo ndimayeza pamene patukuka kwambiri. Nsalu zikapanikizidwa zimakankha katoni, pakati pamatupa ngati mimba, ndipo wa pa kauntala amayeza pa mimba pomwepo, osati m'mphepete. Kakatoni kanga kaja kakanatupa ndi sentimita imodzi mbali iliyonse, kukhala 36, 26 ndi 9, bwenzi ndikupeza 8,424, kugawa ndi 5,000 n'kukhala pafupifupi 1.7, ndiye kuti ndikanalipira makilogalamu 2. Ndi theka lathunthu la kilogalamu lochokera ku kutupa kumene diso silingakuone msanga. Tepi ikaonetsa 8 ndi kachidutswa, ndimalemba 9. Kudzichepetsera pa pepala sikuthandiza, chifukwa iwo adzayezanso, nthawi zina ndi makina m'nyumba zawo zosungira katundu, ndipo ndalama yotsalayo idzakupezani kapena idzapeza kasitomala wanu.

Katoni ikakhala yaitali kuposa katundu, ndimaicheka m'makona anayi ndi mpeni mpaka pamene katundu walekezera, ndimalemba mzere ndi rula, n'kupinda mapiko atsopano. Ntchito ya mphindi zisanu imeneyi imachotsa mpweya umene ndikanaulipirira. Zinthu zosasweka ngati maepuloni sindiziikanso m'katoni, ndimaziika m'jumbo yolimba ya pulasitiki yotumizira katundu, n'kufinya mpweya wonse ndisanamate. Koma jumbo nayo imayezedwa pamene yatupa kwambiri, ndiye kupinda mosalala n'kofunika kuposa kukulunga.

Sikelo yanga ndi ya kukhitchini, ya mabatire, yofika makilogalamu 5. Sikelo yoyezera anthu kubafa siyenera pa ntchitoyi, imalakwitsa ndi magalamu mazana angapo pa zinthu zopepuka. Ndisanayeze phukusi ndimaikapo kaye paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula. Ikaonetsa 1,000 kapena kupitirira pang'ono chifukwa cha pepala, ndimadziwa kuti ili bwino. Ikayamba kudumphadumpha, batire yatha. Sikelo ikhale pa tebulo lolimba, osati pa mphasa kapena pa bedi, ndipo katoni isakhudze tebulo mbali ina iliyonse. Katoni ikakula n'kuphimba manambala, ndimaika kambale kozondotsa pa sikelo, kubwezera pa ziro, n'kuika katoni pamwamba pa kambaleko.

Ndikanakonda kunena kuti ulendo wachiwiri phukusi linangopita. Linabwereranso, ndipo ulendo uno chifukwa cha zolembedwa.

Ndinali nditalemba ndi peni yaikulu pa katoni dzina lomwe mayi aja amagwiritsa ntchito pocheza pa foni, nambala ya nyumba, msewu, ndi mawu akuti Leeds, UK. Kwa ine inali adiresi yokwanira, popeza kuno timalozera kuti kuseri kwa tchalitchi, nyumba ya geti yobiriwira, ndipo katundu amafika. Mtsikana amene ndinamupeza tsiku limenelo anandifunsa positikhodi. Ndinalibe. Anandifunsa nambala ya foni ya wolandira. Ndinali nayo, koma yoyamba ndi ziro, yopanda +44 kutsogolo. Anandifunsa dzina lenileni la pa chiphaso. Sindinkalidziwa lonse. Kompyuta yawo siilola kupitirira popanda positikhodi, chifukwa ku Britain kagulu ka zilembo ndi manambala kameneka ndi kamene kamasankha depoti ndi galimoto yokapereka. Ya ku Leeds imayamba ndi LS. Mukasemphanitsa chilembo chimodzi, phukusi likhoza kupita dera lina. Ku South Africa positikhodi ndi manambala anayi, ndipo foni imayamba ndi +27. Komanso makampaniwa amapereka katundu pakhomo, kwa munthu wosainira, choncho ambiri salandira adiresi ya bokosi la ku positi ofesi.

Kuyambira pamenepo sindikopera adiresi ndi maso. Ndimapempha kasitomala kuti andilembere yekha mu uthenga umodzi: dzina la pa chiphaso, nambala ya nyumba ndi ya chipinda ngati ndi mdadada, msewu, mzinda, positikhodi, foni ndi imelo. Ndimazikopera pa foni pomwepo kuika mu fomu, kenako ndimajambula zomwe ndadzazazo n'kumutumizira kuti avomereze ndisanasindikize. Zikatero pakalakwika kanthu timakaona tonse awiri phukusi lisanachoke m'nyumba.

Chachiwiri chinali katoni yeniyeniyo. Kakatoni kabwino kaja ndinakapeza pa golosale, ndipo kale kananyamula zitini za mankhwala opopera udzudzu. Pambali pake panali chizindikiro cha daimondi chokhala ndi chithunzi cha moto. Mtsikanayo anachiloza n'kunena kuti, "Pepani mayi, ngakhale m'katimo muli nsalu, katoni yokhala ndi chizindikiro ichi siingakwere ndege." Anthu osankha katundu usiku pa bwalo la ndege satsegula kuti aone, amawerenga zomwe zili kunja. Katoni ikunena kuti muli zoyaka, iwo amaiika pambali. N'chimodzimodzi ndi malebulo akale: katoni yokhala ndi mabakhodi awiri imasokoneza makina owerenga, ndipo ikhoza kutsatira adiresi yakale. Makatoni ogwiritsidwapo kale ntchito si oletsedwa, ine ndimawagwiritsabe ntchito, koma ndimasankha olimba, ouma, osanyamulapo mankhwala kapena mafuta, ndipo chilichonse chakale ndimachimatula. Nthawi zina ndimaimasula katoni pa msoko wake, kuitembenuza kuti mbali yopanda zolemba ikhale kunja, n'kuimatanso.

Chachitatu n'chimene ndimaona kuti chimavutitsa ambiri, ndipo ndi nkhani ya chilungamo. Pa malo olembapo zomwe zili m'kati ndinalemba mawu amodzi, `Gift`. Anthu ambiri anandilangiza choncho, ati kuti wolandira asalipire msonkho. Koma inali si mphatso, anali malonda, ndipo mawuwo sauza wa kasitomu chilichonse. Mtsikanayo anandiuza kuti mawu ngati `Gift`, `Samples` kapena `Clothes` ndi amene amachititsa kuti phukusi liimitsidwe uko likupita. Wa kasitomu amafuna kudziwa kuti n'chiyani, n'chopangidwa ndi chiyani, zilipo zingati, chimodzi ndi ndalama zingati, ndipo chinapangidwa kuti. Tinalemba invoyisi pamodzi, mizere iwiri:

```
Cushion covers, woven cotton, 4 pcs, HS 6304.92
Handbags, textile outer, 2 pcs, HS 4202.22
```

Manambala a HS ndi amene maiko amagwiritsa ntchito pozindikira mtundu wa katundu, ndipo manambala 6 oyambirira ndi ofanana padziko lonse. Chinandidabwitsa n'choti khushoni yokhala ndi zam'kati ili ndi nambala ina, ya mu gulu la 9404, pamene chikuto chokha chili mu 6304. Ndiye pochotsa fayiba ija ndinasinthanso dzina la katundu wanga pamaso pa kasitomu. China choti tisamale ife a zitenje: zitenje zambiri zotchipa za pa msika si za thonje, ndi za poliyesita. Ngati nsalu yanu ndi yotero musalembe kuti ndi thonje, nambala yake ndi 6304.93. Mtengo ndimalemba womwe kasitomala analipiradi. Kuuchepetsa kumaoneka ngati kumuthandiza, koma akakayikira amamufunsa umboni wa malipiro, phukusi limakhala masiku likudikira, ndipo likasowa chipukuta misozi chimawerengedwa kuchokera pa mtengo womwe munalemba nokha. Chabwino ndi kumuuza kasitomala poyambirira kuti kwawoko akhoza kufunsidwa msonkho, kuti asadzadzidzimuke.

Pali chinanso chimene chinatsala pang'ono kuchitika. Mchemwali wawo wa mayi aja, amene amakhala ku Kawale, atamva kuti kukupita phukusi anabwera ndi kabotolo ka pefyumu kuti ndikaike pakati pa nsalu. Anati, "Asisi, n'kakang'ono, sakaona." Ndinali nditaona kale chikwangwani cha zoletsedwa pa kauntala paja, ndipo ndinakana. Pefyumu ili ndi spiriti woyaka, ndiye imawerengedwa ngati katundu woopsa pa ndege, pamodzi ndi zopopera za m'zitini, utoto wa m'zikhadabo ndi mabatire a foni otumizidwa paokha. Maphukusi amadutsa pa makina ounika, ndipo pa fomu pamakhala siginecha yanga yotsimikiza kuti mulibe zimenezi. Kukana mchemwali wa kasitomala n'kovuta pa chikhalidwe chathu, ndikudziwa, koma phukusi likagwidwa limagwidwa lonse, pamodzi ndi nsalu zomwe ndasoka sabata yathunthu. Pa chifukwa chomwechi kumene ndimatumizirako amafuna kuona m'kati asanalandire. Ndiye ndimayeza kunyumba nditatseka ndi selotepi pang'ono, n'kupita ndi mpukutu wa selotepi m'chikwama kuti ndikatsekeretu pamaso pawo. Ndimamata msoko wapakati ndi misoko iwiri ya m'mbali, pamwamba ndi pansi, ngati chilembo cha H. Chingwe sindimangira, chimakodwa m'makina.

Pambuyo pake ndinayamba kudzaza fomu ndekha pa intaneti n'kukasindikiza lebulo pa shopu ya zosindikiza pa msika. Apa napo ndinaphunzira kanthu. Lebulo ya makampaniwa imakhala pafupifupi masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali. Mnyamata wa pa shopu, pofuna kundithandiza, anaichepetsa kuti malebulo awiri ndi invoyisi zikwane pa pepala limodzi. Timizere ta bakhodi tinathithikana, ndipo pa kauntala makina owerenga analephera kuiwerenga. Anandisindikizira ina pomwepo, koma zikanakhala kuti phukusilo ndapatsa dalaivala wodzatenga katundu pakhomo, bwenzi atalisiya. Tsopano ndimaima pambali pa wosindikiza n'kumupempha kuti asankhe `Actual size`, osati `Fit to page`. Ndimayang'ana mizere: ikhale yakuda bii, yosadukaduka, yopanda mzere woyera wodutsa pakati umene umabwera inki ikamatha. Pa foni ndili ndi pulogalamu yowerenga mabakhodi, ndipo ndimayesa ndisanachoke pa shopupo. Ikawerenga n'kuonetsa nambala yofanana ndi yolembedwa pansi pa bakhodi, ndiye kuti zili bwino.

Lebulo ndimaimata pa mbali yaikulu, yosalala, osati pa msoko kapena popindikira pa kona, chifukwa bakhodi yopindika siwerengeka. Pepala wamba limafuna chitetezo, makamaka nthawi ya dzinja pamene katoni imanyowa ngakhale pochoka pa minibasi kufika pa khonde. Ndimaliika m'kathumba koonekera komata kamene amapereka pa kauntala. Kakasowa ndimamata selotepi m'mphepete monse koma pa bakhodi ndimasiya, popeza selotepi yonyezimira kapena yokwinyika imasokoneza makina. Malebulo osindikizidwa ndi kutentha, ofanana ndi mapepala a malisiti a m'sitolo, amafufutika akamatidwa selotepi ina kapena akakhala padzuwa, ndiye amenewo sindiwaphimba n'komwe. M'kati mwa katoni ndimaikamo pepala lina la adiresi ya wolandira ndi yanga, kuti lebulo yakunja ikang'ambika munthu wotsegula adziwe kolowera.

Wina angafunse za ku positi ofesi. Ndimatumizirako zinthu zopanda changu. Kumeneko kaphukusi kakang'ono kopita kunja kamalekezera pa makilogalamu 2, mbali zitatu zikaphatikizidwa zisapitirire masentimita 90, ndipo mbali yaitali isapitirire 60. Kakatoni kanga ka 35, 25 ndi 8 kamakwana 68, ndiye kamalowa. Fomu ya kasitomu ya timaphukusi totere ta mtengo wochepa ndi CN22, ndipo zazikulu kapena zodula zimafuna CN23. Mafotokozedwe a katundu ndi omwe aja, osabisa. Za m'dziko momwe muno, zopita ku Mzuzu kapena ku Blantyre, n'zosavuta kwambiri: chachikulu ndi dzina lofanana ndi la pa chitupa cha unzika chimene wolandira akaonetse pokatenga, nambala ya foni imene imagwira, ndi ofesi yeniyeni yokatengera, chifukwa mzinda umodzi umatha kukhala ndi maofesi angapo a kampani imodzi. Ndimalemba manambala awiri a foni ngati alipo.

Phukusi la mayi a ku Leeds linanyamuka pa ulendo wachitatu, m'katoni yotembenuzidwa, yolembedwa 35, 25, 8 ndi 1.2 pakona ndi pensulo yanga. Wa pa kauntala anayeza, manambala ake anafanana ndi anga. Patapita masiku ochepa ananditumizira chithunzi cha zikuto zinayi zija zitavekedwa pa mipando ya pa balaza pawo.

Pakhoma pafupi ndi makina anga osokera ndinapachika kapepala ka miyeso itatu ya makatoni imene ndimagwiritsa ntchito kawirikawiri, iliyonse ndi kulemera kwake kowerengera, komanso kuchuluka kwa zikwama kapena zikuto zimene zimalowamo osatupa. Mwezi watha munthu wina wa ku Johannesburg anafunsa mtengo wa zipewa zisanu za chitenje za mlomo waukulu, zomwe sizipindika. Pa kapepala paja panalibe katoni yake. Ndinamupempha kuti adikire mpaka madzulo, ndinalowetsa zipewazo china m'chinzake, ndinacheka katoni, ndinatseka, ndinayeza 38, 38 ndi 17. Zinatuluka 4.9, pamene pa sikelo zinali pansi pa kilogalamu imodzi ndi theka. Ndinamuuza mtengo wa makilogalamu 5, ndipo anasankha kuwonjezera maepuloni anayi oti ndiwapinde m'mitu ya zipewamo, poti malowo anali atalipiridwa kale.